Gemu ikungodzitseka yokha: kodi DDU ingathandize?

Chisomo (Kamuzu Road): Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa shopu yanga ya magemu pano pa Kamuzu Road pali kompyuta imodzi imene yandisowetsa mtendere. Anyamata akamamenya FIFA 23, mpira uli pakati sikirini imada kanthawi pang'ono, kenako imayakanso, koma gemu imakhala itadzitseka kale. GTA V nayo chimodzimodzi, ngakhale iyoyo imapirira kaye. Ana akumafuna ndiwabwezere ndalama, ndipo sindingawatsutse. Kompyutayo ndi ya Core i5, Windows 10, khadi la zithunzi ndi GTX 1060 6GB lomwe ndinagula kwa munthu ku Lilongwe. Poyamba munali RX 570 koma inafa. Dilaiva ndaika watsopano, palibe chasintha. Wina wandiuza za DDU, kapena kuti Display Driver Uninstaller, pulogalamu yochotsera madilaiva a khadi la zithunzi. Alipo anaigwiritsapo ntchito?

Yamikani: Amwene musadzivute. Fufutani Windows yense muike wina. Ine zikandivuta ndimatero, ndipo sizinandigwiritsepo mwala.

Chisomo (Kamuzu Road): Nanga magemu onse ali mmenemo? GTA V yokha imadutsa 100 GB. Bandulo yake mundigulira ndinu?

Yamikani: Kkkk ayi ndangopereka maganizo.

Madala Banda: Mphwanga, uno ndi Okutobala ndipo uli ku Salima. Munthu amene ukutuluka thukuta utangokhala pansi, nanga khadi lili m'bokosi lachitsulo? Tsegula, upukute fumbi. Kwathu kuno ku Nkhotakota ndinatsegulapo ina nkupeza nkhungu zitaumira pa fani, zitasakanikirana ndi fumbi mpaka mphepo osadutsa.

Thoko: A Chisomo, musanachotse chilichonse ndiuzeni kaye m'mene imafera. Kodi sikirini imada nkubwerera ku Windows, mbewa ikuyenda bwinobwino? Kapena imabwera sikirini yabuluu yokhala ndi zolemba? Kapena kompyuta yonse imangothima, mafani nkuima? Nthenda zitatuzi nzosiyana, ndipo DDU imathandiza kwenikweni pa ziwiri zoyambazo. Ikamathima yonse nthawi zambiri mlandu umakhala wa magetsi kapena kutentha, osati dilaiva.

Chisomo (Kamuzu Road): Achemwali, ndi yoyambayo. Imada, imayaka, ndimapezeka ndili pa Windows. Nthawi zina FIFA imasiya kabokosi kolembedwa DXGI_ERROR_DEVICE_REMOVED.

Thoko: Chabwino. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe ichi:

```
eventvwr.msc
```

Kumanzere tsegulani Windows Logs, kenako System. Tsikani mpaka pa nthawi imene gemu inadzitseka komaliza. Muyang'ane mzere umene pa Source palembedwa Display. Mundiuze nambala ya Event ID ndi mawu ake.

Chisomo (Kamuzu Road): Ndaupeza, ndipo siumodzi, ilipo yambiri. 4101. Akuti "Display driver nvlddmkm stopped responding and has successfully recovered."

Thoko: Ndi zomwe ndimayembekezera. Windows amapatsa khadi masekondi 2 kuti liyankhe akalifunsa. Likapanda kuyankha, Windows amadzutsanso dilaiva mokakamiza, nchifukwa chake sikirini imada nkuyakanso. Kompyuta imapulumuka, koma gemu imene inali kudalira khadi panthawiyo imagwa, ndiye imalemba zoti khadi lachotsedwa pomwe lili momwemo. nvlddmkm ndi dzina la dilaiva wa NVIDIA.

Koma musafulumire kusangalala. Mzere umenewu ukungonena kuti khadi linasiya kuyankha. Sukunena chifukwa. Dilaiva wosokonekera amachititsa zimenezi, khadi lotentha kwambiri limachititsanso, pawa sapulayi yofooka nayo, ngakhale khadi loti layamba kufa. A Banda sanalakwe. Chimene chikundipangitsa kuyamba ndi dilaiva ndi mbiri ya kompyuta yanuyo. Mwati munali RX 570. Mutaichotsa, mapulogalamu a AMD munawachotsa?

Chisomo (Kamuzu Road): Ayi. Khadi linafa mwadzidzidzi, ndinangozula nkulowetsa linali. Panopa ndaona kuti AMD Software ikadalipo pa mndandanda wa mapulogalamu, ndipo poyatsa kompyuta imatulutsa kauthenga kodandaula, ine ndimangokatseka.

Thoko: Ndiye kuyeretsa kuli ndi chifukwa. Muli zotsalira za AMD, pamwamba pake dilaiva amene Windows anadzikokera yekha mutalowetsa khadi latsopano, pamwamba pakenso amene mwakhala mukuika inuyo. Sindikulonjeza kuti ndiye gwero la vuto, koma ndi chinthu chimene mungachichotse pa mndandanda wa okayikiridwa osagula kanthu.

Yamikani: Koma achemwali, DDU njosafunika masiku ano. Poika dilaiva wa NVIDIA mumasankha Custom (Advanced), pansi pali kabokosi ka Perform a clean installation. Mukachonga pamenepo ndiye kuti mwayeretsa. Nzofanana.

Chisomo (Kamuzu Road): Kameneko ndinachonga kale aise.

Thoko: A Yami, mwalondola theka. Kabokosi kameneko kamachotsa dilaiva wakale wa NVIDIA ndi kubweza zosintha zonse za NVIDIA m'mene zinalili poyamba. Kwa munthu amene wakhala ndi khadi la NVIDIA lokhalokha, kawirikawiri nkokwanira, ndipo ine sindiuza munthu kuti azithamangira DDU nthawi iliyonse akamaika dilaiva watsopano. Koma za AMD sikazikhudza nkomwe. DDU imalowa mosungira madilaiva a Windows, m'kaundula wake ndi m'mafoda, nkuchotsa zonse za kampani imene mwasankha. Ndi yaulere, amapanga ndi Wagnardsoft. Muitenge pa tsamba lawo, osati kwa munthu amene akukutumizirani fayilo pa foni.

Che Rashidi (Senga Bay): Pepani ndilowerere. Ine laputopu yanga ikumachedwa kuyaka, ndipo batire silikhalitsa. DDU imeneyi ingakonze?

Thoko: Ayi Che Rashidi, imeneyo ndi nkhani ina. DDU imangokhudza madilaiva a zithunzi ndi a mawu. Musaiyandikire.

Che Rashidi (Senga Bay): Koma eFootball nayo imadzitseka nthawi zina. Laputopuyo ili ndi zomata ziwiri, cha Intel ndi cha NVIDIA.

Thoko: Tiyeni timalize kaye ndi a Chisomo, ndibwera kwa inu chifukwa laputopu ili ndi misampha yake.

A Chisomo, ntchito yaikulu ili musanatsegule DDU nkomwe. Choyamba, kokani dilaiva pa tsamba la NVIDIA intaneti ikadalipo. Sankhani GeForce GTX 1060 ndi Windows 10 64-bit. Fayilo yake ndi yaikulu, konzani bandulo ya 1 GB kuti isathere panjira. Muiike pa Desktop. Musaiike mu C:\NVIDIA kapena C:\AMD chifukwa DDU itha kufufuta mafoda amenewo, ndipo mudzadzuka mulibe choika. DDU nayonso muimasule pa Desktop pomwepo.

Chachiwiri ndi chimene anthu ambiri amagwa nacho: dulani intaneti yonse. Kebulo zulani, kadongulo ka Wi-Fi zulani, foni ngati mumailumikiza ndi USB ichotseni. Windows akangodzuka nkuona khadi lopanda dilaiva, amathamanga kukakoka wake mwakachetechete. Inu mukamadzaika wanu mumakhala mukuthira pamwamba pa wina, ndipo zimene mumafuna kupewa zabwereranso. Zili ngati kutsuka mphika wina nkuthiramo madzi ake inu musanatembenuke.

Chachitatu, mukudziwa pasiwedi ya kompyutayo? Sindikunena PIN ya manambala. Safe Mode nthawi zina imafuna pasiwedi yeniyeni.

Chisomo (Kamuzu Road): Ilibe pasiwedi, ana amangoyatsa nkulowa.

Madala Banda: Ndiwonjezere. Usachite ntchito imeneyi nthawi imene ukudziwa kuti magetsi atha kuthima, ngati ulibe UPS. Kuchotsa nkwa mphindi zochepa, koma akathima dilaiva ali pakati poikidwa, uyambiranso.

Thoko: Zoona a Banda. Ndipo DDU imapanga System Restore point isanayambe, bola System Protection ikhale yoyatsa pa diski C. Muone kaye pamenepo, ndiye pothawira zikavuta.

Kulowa mu Safe Mode: gwirani Shift osasiya, mudine Restart. Pa sikirini yabuluu imene ibwereyo sankhani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart. Ikayakanso dinani 4. Musadine 5, imeneyo ndi yokhala ndi netiweki. Chifukwa cholowera kumeneko nchoti dilaiva wa khadi sadzuka mu Safe Mode, ndiye mafayilo ake amakhala omasuka ndipo amachoka onse. Mukachita Windows ali m'mene amakhalira, ena amakana kufufutika poti akugwira ntchito.

Yamikani: Njira yachidule ndi msconfig, muchonge Safe boot basi.

Thoko: Imagwira, koma imakubwezerani mu Safe Mode nthawi iliyonse mpaka mutakachotsa chongacho. Munthu amene waiwala pasiwedi amatsekeredwa panja, sangalowe kuti akachotse. Ya Shift ija imagwira kamodzi kokha, ukayatsanso wabwerera kwanu. Ine ndimakonda imeneyo.

Mukalowa, tsegulani Display Driver Uninstaller. Mu Options muli mzere wakuti Prevent downloads of drivers from Windows Update, muuchonge. Kumanja sankhani GPU, pansi pake AMD, mudine Clean and do NOT restart. Ikamaliza musinthe musankhe NVIDIA, tsopano mudine Clean and restart. Batani lachitatu lija la Clean and shutdown ndi la tsiku limene mukusintha khadi, ndilo likanafunika tsiku lomwe RX 570 imatuluka ikanakhala yamoyo. Za Intel musazikhudze.

Kompyuta ikayaka musathamangire kuika. Tsegulani Device Manager, pa Display adapters payenera kulembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Zithunzi zioneka zikuluzikulu, zosakongola. Musachite mantha, ndicho chizindikiro choti mwayeretsadi.

Chisomo (Kamuzu Road): Ndatseka shopu msanga. Ndikuyamba.

Gift (Dwangwa): Ine ndikuchenjezeni, DDU inandiphera khadi. RX 580 yanga imagwira bwinobwino, kungoti gemu imodzi imavuta. Nditayeretsa nkuika dilaiva watsopano, Device Manager inayamba kuonetsa kachizindikiro kachikasu ndi Code 43. Mpaka lero ili m'kabati.

Madala Banda: Unaligula latsopano m'katoni?

Gift (Dwangwa): Ayi madala, la kaunjika. Linabwera kale m'kompyuta, zonse zitaikidwa.

Thoko: A Gift, musalitaye khadilo. DDU silemba kanthu m'khadi, imangofufuta za pa diski, ndiye singaliphe. Ma RX 570 ndi RX 580 ambiri a kaunjika anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti, ndipo eni ake ankasintha BIOS ya khadi. Dilaiva wa AMD akaona kuti BIOS yasinthidwa amakana kudzuka, nkupereka Code 43 yomweyo. Amene anakugulitsaniyo mwina anali atakonza dilaiva kuti asamayang'ane zimenezo. Inu mutayeretsa, chigamba chija chinapita limodzi. Onani m'mbali mwa khadi, ena ali ndi kaswitchi kakang'ono kosankhira BIOS yachiwiri. Kompyuta itazima, kasunthireni mbali inayo muyese. Ngati palibe, pafunika kubwezeretsa BIOS yake yeniyeni, koma imeneyo musachite nokha ngati simunachitepo.

Gift (Dwangwa): Kaswitchi ndikukakumbukira. Koma mukutsimikiza kuti silinapse?

Thoko: Kutsimikiza ayi. Code 43 imabweranso khadi likawonongekadi. Koma poti linagwira ntchito mpaka mphindi imene munachotsa dilaiva, ndikukayikira BIOS kaye.

Chisomo (Kamuzu Road): Achemwali, ndamaliza kuyeretsa, yayaka. Poyamba zithunzi zinali zikuluzikulu monga munanenera. Ndinatuluka kukagula madzi, pobwera sikirini yakongola yokha. Device Manager ikuti NVIDIA GeForce GTX 1060 6GB. Ndiye kuti zatheka?

Thoko: Dilaiva wanu uja mwamuika?

Chisomo (Kamuzu Road): Ayi, sindinamukhudze.

Thoko: Ndiye wina waika. Yang'anani kuseri kwa bokosi.

Chisomo (Kamuzu Road): Iii. Kebulo ndinazula, koma kuseri kuli kadongulo kakang'ono ka Wi-Fi kamene anaika mng'ono wanga. Kalumikizana kokha ndi foni yanga. Ndipo kabokosi ka mu Options kaja sindinakaone, ndinangotseka.

Yamikani: Kkkk Windows sagona. Koma bwanji osangoyesa gemu ndi ameneyo? Mwina ali bwino.

Thoko: Atha kukhala bwino ndithu, dilaiva wochokera kwa Windows si wabodza, kungoti amakhala wakale. Vuto ndi loti tikufuna kudziwa chimene tikuyesa. A Chisomo, dinani kawiri pa dzina la khadi, mupite pa Driver, muwerenge Driver Version. Manambala asanu omaliza ndiwo nambala ya NVIDIA. Mwachitsanzo 31.0.15.3623 ndiye kuti 536.23. Mufananize ndi nambala imene ili pa dzina la fayilo munakoka ija.

Chisomo (Kamuzu Road): Nzosiyana. Wa Windows ndi wakale.

Thoko: Zulani kadonguloko, mubwerere mu Safe Mode. Ulendo uno muchonge kabokosi ka mu Options kaja, muyeretse NVIDIA yokha, za AMD zapita kale. Ikayaka mutsimikize kuti pali Microsoft Basic Display Adapter, pomwepo muike wanu. Sankhani Custom (Advanced), muike Graphics Driver, HD Audio ngati mawu amadutsa pa HDMI kupita ku TV, ndi PhysX. Zina zojambulira gemu zisiyeni kaye, tikufuna zinthu zochepa m'mene tingathere. Mukamaliza yatsaninso kompyuta, ndiye mubwezere intaneti.

Che Rashidi, tsopano inu. Laputopu yanu ili ndi GPU ziwiri zopanga zithunzi. Ya Intel ndiyo nthawi zambiri imayendetsa sikirini, ya NVIDIA imadzuka gemu ikayamba. Musanaganize za DDU, onani Event Viewer monga achitira a Chisomo. Ngati mulibe 4101 pa nthawi imene gemu imadzitseka, mwina vuto ndi gemuyo, osati dilaiva. Ngati ilipo, yeretsani NVIDIA yokha. Mukafuna kuchotsa zonse ziwiri, mukhale mutakoka kale madilaiva pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, ndipo poika muyambe wa Intel. Chinanso chofunika: laputopu zambiri zimabwera diski itatsekedwa ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Polowa mu Safe Mode itha kukufunsani kiyi ya manambala 48. Ngati laputopu munagula kwa munthu ndipo kiyiyo ili mu akaunti yake, muima pakhomo.

Che Rashidi (Senga Bay): Ndinagula kwa mzungu wina amachoka. Za kiyi sanandiuze.

Thoko: Ndiye musalowe kaye. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe:

```
manage-bde -status
```

Ikanena Protection On, tengani kaye kiyiyo muilembe papepala. Idzakuthandizani ngakhale pa zina, osati pa DDU pokha.

Che Rashidi (Senga Bay): Zikomo achemwali. Za batire ndifunsa tsiku lina.

Chisomo (Kamuzu Road): Zatheka tsopano. Nambala ya dilaiva ikufanana ndi ya fayilo. Kauthenga ka AMD kaja kasiya kubwera. Koma FIFA ikudukiza, osewera akuyenda modumphadumpha pa mpira woyamba. Kale sizimatero. Ndawononga?

Yamikani: Ndinanena ine. Fufutani Windows.

Thoko: Simunawononge. Dilaiva amasunga mawerengedwe a kuwala ndi mithunzi ya gemu iliyonse kuti asamabwereze. Poyeretsa zosungidwazo zinapita, ndiye akuzipanganso. Menyani mipira ingapo, muone ngati kudukizako kukuchepa. Kukapanda kuchepa ndiye tikambirane. Komanso zimene munasintha mu NVIDIA Control Panel zabwerera poyambira, muone ngati sikirini ili pa 60 Hz kapena pamene imayenera.

Chisomo (Kamuzu Road): Mpira wachitatu ukuyenda myaa. Ndiyesa GTA V mpaka nditatopa.

Madala Banda: Usiku kwazizira mphwanga. Mayeso enieni ndi mawa 2 koloko masana, malata atatentha, ana atadzaza m'shopu.

Thoko: A Banda akunena zoona. Ndipo musasinthe china chilichonse lero, ngakhale fumbi musapukute kaye. Mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Ikani GPU-Z, pa Sensors pali GPU Temperature, muisinthe kuti izionetsa nambala yapamwamba imene yafika. Muisiye yotsegula kuseri kwa gemu.

Chisomo (Kamuzu Road): Mwaswera bwanji akuluakulu. Lipoti lija. Usiku wonse sinadzitseke. M'mawa ana amenya FIFA mpaka nkhomaliro, osada sikirini ngakhale kamodzi, ndipo mu Event Viewer mulibe 4101 yatsopano. Ndinayamba kale kuyamika. Koma masana ano mnyamata wina ali pa GTA V, kompyuta yonse yangoti phethi, mafani zii, kenako yadziyatsa yokha. TV ndi firiji sizinathime. Ndibwerezenso DDU?

Thoko: Ayi, musabwereze. DDU yachita ntchito yake, ndipo kuibwereza sikuyeretsa kuposa pamenepa. Taonani kuti kafedwe kasintha. Dzulo Windows amakhala wamoyo, gemu yokha ndiyo imagwa. Lero yafa yonse. Mu System muli chiyani pa nthawi imeneyo?

Chisomo (Kamuzu Road): Kernel-Power, Event ID 41. Palibe za Display. Sikirini yabuluu sindinaione.

Thoko: 41 imangotanthauza kuti kompyuta inazima mosatsanzika. Sinena wolakwa. GPU-Z inafika pati?

Chisomo (Kamuzu Road): Nditayang'ana isanathime inali pa 83.

Madala Banda: Mwaona? Kutentha.

Thoko: 83 ndi pamene GTX 1060 imayamba kudzichepetsa liwiro yokha kuti isapitirire. Malire ake ndi 94. Ndiye likutentha ndithu ndipo likufunika kupukutidwa, koma 83 payokha sithimitsa kompyuta. A Chisomo, zimitsani, muzule ku khoma, mutsegule m'mbali. Pa pawa sapulayi pali chomata. Mundiwerengere mawati ake, komanso mzere wa +12V. Muonenso chingwe chimene chalowa pamwamba pa khadi, chikuchokera kuti?

Chisomo (Kamuzu Road): Chomata chafufuma koma pakuoneka 300W. Pa +12V palembedwa 18A. Dzina lake sindinalimvepo. Chingwe cha khadi sichikuchokera mu pawa sapulayi mwachindunji. Pali kolumikizira, mbali ina mapulagi awiri oyera aja a mabowo anayi, mbali ina ya mabowo sikisi. Limodzi mwa oyerawo lachita chikasu ngati linatenthapo, ndipo onse awiri ali pa chingwe chimodzi.

Yamikani: Ndiye ndi imeneyo. 18 kuchulukitsa ndi 12 ndi 216. Khadi lokha limadya 120, purosesa 65, otsala ochepa. NVIDIA amati GTX 1060 imafuna pawa sapulayi ya 400W. Apa ndiye ndalondola, achemwali musanditsutse.

Thoko: Apa sindikutsutsani kkk. Masamu ali bwino. Pa pepala ikukwana movutikira, koma pawa sapulayi yakale yopanda dzina, pa kutentha kwa Salima, sipereka zimene zalembedwazo. Pulagi yachikasuyo ndiyo yandiopsa kwambiri, chifukwa pamene patentha mpaka kusintha mtundu pakhoza kusungunuka.

Gift (Dwangwa): Ndiye kuti DDU inali yopanda ntchito, vuto linali pawa kuyambira kale. Mwinanso ndi yomweyo inapha RX 570.

Thoko: Za RX 570 ndizotheka, imadya kuposa GTX 1060. Koma kuti DDU inali yopanda ntchito sindikuvomera msanga. 4101 ija imabwera tsiku lililonse, pano yasowa. Mwina panali mavuto awiri, dilaiva wosokonekera ndi magetsi osakwana, ndipo gemu imagwa msanga khadi lisanafike pokoka mphamvu zonse. Mwinanso inu mukulondola, magetsi ofooka ndiwo amachititsa zonse, ndipo 4101 idzabweranso mawa. Tsiku limodzi silokwanira kuweruza. Chimene tapindula nchoti tsopano ikabwera sitikayikiranso zotsalira za AMD.

Madala Banda: Ine ndikadali pa kutentha. Pawa sapulayi nayo ili ndi fani yake, ndipo palibe amene amaipukuta. Ikatentha imadzithimitsa. Ndaonapo zambiri zikuchira ndi bulashi ndi mpope wa njinga basi. Koma usaitsegule mkati mphwanga, muli zosunga magetsi zimene zimaluma ngakhale utazula. Upemerere panja pomwepo, ndipo fani uigwire ndi kamtengo isazungulire.

Chisomo (Kamuzu Road): Ndalama ya pawa sapulayi yatsopano ndilibe sabata ino. Pali njira yodziwira ndisanagule?

Thoko: Ilipo. Ikani MSI Afterburner, mutsitse Power Limit kufika pa 70, china chilichonse musachikhudze. Khadi lizidya pafupifupi mawati 84 m'malo mwa 120. Liwiro litsika pang'ono, pa FIFA ana sadzazindikira. Ikasiya kuthima pa GTA V masana, ndiye kuti nkhani ili pa mphamvu imene khadi likukoka.

Madala Banda: Koma likamadya pang'ono limatenthanso pang'ono. Ndiye simudziwabe kuti walondola ndani pakati pa ine ndi Yami.

Thoko: Mwandigwira a Banda. Ndiye tichite motere. Mawa apukute fumbi monga mwanenera, asiye chitseko cha m'mbali chotsegula, Power Limit ikhale pa 100. Ikathima GPU-Z ikuonetsa madigiri 70 ndi kanthu, kutentha kwa khadi kwatuluka m'mlandu. Akatero ndiye atsitse Power Limit pa 70. Koma a Chisomo, zonsezi muchite mutasintha kolumikizira kachikasu kaja, ndipo mapulagi awiriwo akhale pa zingwe ziwiri zosiyana ngati zilipo. Ndi kameneko musayatse GTA V ayi.

Chisomo (Kamuzu Road): Chingwe chachiwiri chilipo, chimapita ku DVD imene sigwira ntchito. Kolumikizira katsopano ndifunsa kwa okonza makompyuta pa msika.

Yamikani: Mukapanda kukapeza ndili ndi pawa sapulayi ya 500W yokhala ndi chingwe chake cha mabowo sikisi. Ndingakubwerekeni muyesere, koma Loweruka ibwerere. Ndipereka kwa kondakitala wa minibasi yochokera ku Chipoka.

Chisomo (Kamuzu Road): Amwene mwandithandiza. Mundiimbire ikanyamuka ndikadikire pa siteji.

Thoko: Ikafika imeneyo yambani ndi iyo, iyankha funso mwachangu kuposa zonse tanenazi. Chinanso ndisanaiwale: kabokosi ka Prevent downloads kaja mukasiye kochonga mpaka mayesowa atatha, kuti Windows asakusinthireni dilaiva pakati. Mukamaliza mukachotse, apo ayi mukadzalumikiza pulinta kapena chogwirira gemu chatsopano Windows sadzakokanso dilaiva wake yekha, ndipo mudzadabwa kuti chavuta nchiyani.

Gift (Dwangwa): Achemwali, kaswitchi kaja ndakapeza, kali pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Ndakasuntha. Ndiyeretsenso ndi DDU ndisanalowetse khadi, kapena ndingolowetsa?

Thoko: Panopa mukugwiritsa ntchito khadi lanji?

Gift (Dwangwa): Palibe, sikirini ndinailumikiza ku bolodi, pa Intel.

Thoko: Dilaiva wa AMD amene munaika uja akadalimo ndipo ndi woyera, palibe chochotsa. Lowetsani khadi, mulumikize chingwe chake cha magetsi, kebulo ya sikirini muichotse ku bolodi ipite ku khadi. Mukatero mutiuze zimene Device Manager ikunena.